Kabokosi pakati pa dzina la Malaŵi: kuyesa fonti musanayambe kuyala masamba

Buku limatha kuchoka kwa osindikiza chikuto chili bwino, pepala lili labwino, koma pamutu wina dzina la dziko litalembedwa Mala□i. Nthawi zina kabokosiko sikaoneka, koma ŵ yekha amakhala woonda kapena wamtali kuposa anzake, ngati wobwereka. Mlembi amaloza chala woyala masamba, woyala masamba amaloza osindikiza, osindikiza nawo amati adasindikiza zomwe adalandira. Kawirikawiri vutolo limakhala litayamba tsiku lomwe fonti idasankhidwa chifukwa cha kukongola kwake, popanda woona ngati ili ndi zilembo zonse za m'bukulo. Ntchito yoona zimenezi ndi yaifupi ikachitika poyamba. Ikachitika masamba atayalidwa kale, kusintha fonti kumasuntha mizere yonse, masamba amachuluka kapena kuchepa, ndipo ndandanda ya zam'katimu imayenera kukonzedwanso.

Chilembo ndi nambala, fonti ndi zojambula

Kompyuta sisunga maonekedwe a chilembo m'fayilo ya mawu. Imasunga nambala. Chilembo a ndi U+0061, w ndi U+0077, ŵ ndi U+0175, ndipo Ŵ wamkulu ndi U+0174. Nambala zimenezi zimachokera ku Unicode, ndandanda yomwe idayamba kutuluka mu 1991 n'cholinga choti chilembo chilichonse cha chinenero chilichonse chikhale ndi nambala yakeyake. Fonti ndi fayilo ina yapadera, yodzaza ndi zojambula za zilembo, ndipo m'kati mwake muli tebulo lotchedwa cmap lomwe limati nambala yakuti ijambulidwe ndi chojambula chakuti.

Zili ngati nambala ya nyimbo yolembedwa pabolodi m'tchalitchi. Nambalayo ikhoza kukhala yolondola, koma ngati buku lomwe muli nalo m'manja lilibe nyimboyo, simuimba. Fayilo ya mlembi ndiye bolodi, fonti ndiye buku la nyimbo. Choncho mawu akhoza kukhala olembedwa bwinobwino koma n'kutuluka oipa, ndipo kukonza sikuli m'mawuwo ayi.

Palibe fonti imodzi yomwe ili ndi zonse. Fayilo imodzi ya TrueType kapena OpenType siingapitirire zojambula 65,535, pamene Unicode ili ndi zilembo zoposa 140,000. Mafonti ambiri okongoletsera mitu ndi zikuto ali ndi zojambula mazana ochepa chabe. Wokonza fonti amasankha yekha zinenero zomwe akufuna kutumikira, ndipo akafika pomwe wafuna amalekeza.

Chifukwa chake ŵ ndiye amasowa kawirikawiri

Mbiri ya ndandanda zakale ndiyo imafotokoza izi. ASCII, ya m'zaka za m'ma 1960, idali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi. ISO 8859-1 ya 1987 idawonjezera malowo kufika 256, n'kulowetsa zilembo za zinenero za kumadzulo kwa Ulaya monga é, ã, ç, ñ ndi ü. Windows-1252, yomwe makompyuta ambiri a m'maofesi adagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, idatsatira pafupifupi ndandanda yomweyo. M'ndandanda zonsezi mulibe ŵ. Mu Unicode ali m'gawo lotsatira, lotchedwa Latin Extended-A, kuyambira U+0100 mpaka U+017F.

Zotsatira zake zimasokoneza anthu ambiri. Fonti ikhoza kulemba Angónia ndi Moçambique popanda vuto, chifukwa ó ndi ç zili m'ndandanda yakaleyo, koma n'kulephera Malaŵi. Woyala masamba akayesa é n'kuona kuti watuluka, amakhulupirira kuti fontiyo ili ndi zilembo zonse za zizindikiro pamwamba, pamene wangoyesa gawo losavuta. Mafonti ena ali ndi ŵ chifukwa choti Chiwelshi, chinenero cha ku Wales, chimamugwiritsa ntchito m'mawu ngati dŵr, kutanthauza madzi. Ndiye ngati tsamba lofotokoza fonti latchula Welsh pa zinenero zake, n'chizindikiro chabwino, ngakhale sichilowa m'malo mwa kuyesa.

Manyuzipepala ambiri a Chichewa masiku ano salemba ŵ, koma sikuti adatheratu. Akupezeka m'mabuku ena a mpingo, m'mabuku akale omwe akusindikizidwanso, m'mabuku a kaphunziridwe ka chinenero, ndipo m'Chitumbuka ali paliponse, kuyambira pa mawu oti ŵanthu. Buku limodzi la Chichewa lokhala ndi ndime imodzi ya Chitumbuka ndi lokwanira kugwetsa fonti.

Nkhodolero zitatu zooneka ngati imodzi

Chichewa chimadalira nkhodolero kwambiri kuposa Chingerezi: ng'ombe, m'mudzi, n'chifukwa, pang'ono. M'fayilo imodzi mukhoza kupezeka zilembo zitatu zosiyana zomwe diso limaziwerenga ngati chimodzi. U+0027 ndi yowongoka, yomwe ili pakiyibodi. U+2019 ndi yopindika, yomwe Word imaika yokha munthu akamataipa. U+02BC imaoneka ngati yopindikayo, koma Unicode imaiwerenga ngati chilembo chenicheni cha m'kati mwa liwu, osati chizindikiro cha m'kalembedwe, ndipo akatswiri ena a zinenero amaikonda pa ng'.

Ziwiri zoyambazo zili pafupifupi m'fonti iliyonse. Yachitatuyo imasowa m'mafonti ambiri. Imalowa m'buku mwakachetechete, kudzera m'ndime yomwe yakopedwa kuchokera ku fayilo ya munthu wina, ndipo zikatero mutu umodzi wokha ndiye umakhala ndi nkhodolero zachilendo pamene mitu ina ili bwino. Palinso U+2018, yopindikira mbali inayo, yomwe Word imaika nkhodolero ikakhala kumayambiriro kwa liwu poganiza kuti mukutsegula mawu ogwidwa. Fonti ili nayo, koma si yomwe mlembi ankafuna.

Zomwe pulogalamu imachita chilembo chikasowa

Fonti iliyonse ili ndi chojambula choyamba, nambala 0, chotchedwa .notdef. Ndicho kabokosi kaja. M'mafonti ena n'kabokosi kopanda kanthu, mwa ena kali ndi mtanda m'kati, ndipo mwa ena wokonza adasiya malowo opanda chojambula, kotero kuti Malaŵi amatuluka Mala i, ndi mpata pakati. Kabokosi n'kabwino chifukwa kamaoneka.

Choopsa kwambiri ndi kubwereka. Word, LibreOffice ndi mapulogalamu otsegulira intaneti akapeza kuti fonti ilibe chilembo, amakatenga ku fonti ina ya pakompyutapo osakuuzani. N'chimodzimodzi kusuzumira m'buku la nyimbo la mnzanu wa mpingo wina: mawu mwawapeza, koma chuni n'china. Pasikirini, pa zilembo zazing'ono, kusiyanako sikuoneka bwino. Papepala ŵ wobwerekayo amakhala ndi msinkhu wina ndi kunenepa kwina, ndipo nthawi zina amakankha mzere wake kuti utalikirane ndi unzake, chifukwa fonti yobwerekedwayo imafuna malo ambiri pamwamba ndi pansi. Ndime yokhala ndi mzere umodzi wotalikirana ndi anzake popanda chifukwa ndi chizindikiro choyenera kuchitsatira.

Vuto lina la kubwereka n'lakuti zimadalira kompyuta. Fayilo ya Word yomwe ikuoneka bwino kwa mlembi ikatsegulidwa kwa osindikiza, komwe kulibe fonti yobwerekedwayo, imatenga ina kapena kutulutsa kabokosi. Ndiye mawu oti "kwa ine zikuoneka bwino" amakhala oona, koma satsimikiza chilichonse.

InDesign ndi Scribus, omwe ndi mapulogalamu oyalira masamba, sabisa kwambiri. Scribus ili ndi Preflight Verifier yomwe imatchula zilembo zosowa. Mu InDesign, Preflight ili ndi lamulo la Glyph Missing pansi pa Text, koma muyenera kulitsegula m'ndondomeko yomwe mukugwiritsa ntchito. Palinso Missing Glyph Protection mu Preferences, pansi pa Advanced Type, yomwe ikakhala yotsegula imatha kusiya chilembo chosowacho m'fonti ina, ndiye kubwereka komwe kuja. XeLaTeX imangopitiriza ntchito n'kulemba uthenga woyamba ndi Missing character m'fayilo ya log, yomwe anthu ambiri saiwerenga.

Zina zimafanana ndi vuto la fonti koma si la fonti. Mukaona MalaÅµi kapena ngâ€™ombe, fayilo yosungidwa mu UTF-8, kasungidwe ka nambala za Unicode m'fayilo, yawerengedwa ngati Windows-1252: ŵ amasungidwa ndi mabaiti awiri, C5 ndi B5, ndipo pulogalamu yawerenga lililonse palokha. Mukaona mfunsiro, kapena w wamba pomwe padali ŵ, fayiloyo idasungidwa m'ndandanda yakale yomwe ilibe malo ake, ndipo chilembocho chidatayika. Kusintha fonti sikungachibweze. Muyenera kubwerera ku fayilo yoyambirira.

Kuyesa kwenikweni, ndi chitsanzo

Tiyerekeze kabuku ka ulimi wa mbatata ka alimi a m'malire a Dedza ndi Angónia, kolembedwa m'Chichewa chosunga ŵ, kokhala ndi miyeso ya feteleza ndi kutentha. Woyala masamba wasankha fonti imodzi ya ndime ndi ina yokongoletsera mitu. Chiganizo chimodzi cha m'katimo chikuti: "Thirani ⅓ ya thumba pa mizere iŵiri, kutentha kukakhala 18–22 °C."

Choyamba si kutsegula fonti ayi, koma kudziwa zilembo zomwe zili m'mawu. Kuwerenga ndi maso sikukwanira, chifukwa chilembo chopezeka kamodzi m'masamba 80 ndicho chimaphonyeka. Sungani kope la mawu onse ngati Plain Text, ndipo Word ikafunsa kasungidwe sankhani Other encoding kenako Unicode (UTF-8). Phatikizani mawu a pachikuto, a pamsana pa buku, ofotokoza zithunzi, a m'matebulo ndi a m'munsi mwa tsamba, chifukwa kawirikawiri amabwera m'mafayilo ena ndipo amayalidwa ndi fonti ina. Pa Linux kapena pakompyuta iliyonse yokhala ndi GNU grep, lamulo ili limatulutsa chilembo chilichonse chomwe sichili mu ASCII, pamodzi ndi kuchuluka kwake:

```
grep -oP '[^\x00-\x7F]' buku.txt | sort | uniq -c | sort -rn
```

Pa kabuku kathu ndandandayo idzakhala ndi ŵ, ó, nkhodolero yopindika, mitengero yopindika, kamzere ka pakati pa 18 ndi 22 komwe ndi U+2013, chizindikiro cha madigiri U+00B0, ndi ⅓ yemwe ndi U+2153. Yambani kuyang'ana kumunsi kwa ndandanda, komwe kuli zopezeka kamodzi kapena kawiri. Kumeneko ndiko kumabisala zolowa mwangozi, monga U+02BC uja, kapena mpata wosaduka U+00A0 wochokera pa intaneti. Onaninso kuti ½, ¼ ndi ¾ zili m'ndandanda yakale ya 256 ija, koma ⅓ mulibe. Fonti yolemba theka bwinobwino ikhoza kulephera gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo m'buku la miyeso ya feteleza kabokosi pamalo amenewo kakhoza kuonongetsa mbewu.

Chachiwiri ndi kuwonjezera zilembo zomwe sizili m'mawu koma zidzabadwa poyala. Apa ndi pomwe ngakhale odziwa ntchito amagwa. Mlembi sadalembe Ŵ wamkulu paliponse, koma woyala masamba waika mitu yonse pa All Caps, ndiye mutu woti Mbatata ku Malaŵi ufuna U+0174. Timadontho toyambira mizere ya ndandanda, U+2022, nato timaikidwa ndi pulogalamu, osati ndi mlembi.

Chachitatu ndi kufunsa fonti iliyonse payokha. Chomwe timachitcha fonti imodzi kawirikawiri ndi mafayilo anayi: Regular, Italic, Bold ndi Bold Italic, ndipo iliyonse ili ndi cmap yake. Zimachitika kuti Regular ili ndi ŵ koma Italic ilibe, makamaka ngati mafayilowo adatengedwa nthawi zosiyana kapena m'malo osiyana. Kapulogalamu aka ka Python, kogwiritsa ntchito fontTools, kamayerekeza mawu ndi mafayilo onse omwe mwawatchula, ndipo kamawonjezera kokha zilembo zazikulu:

```python
import sys, unicodedata
from fontTools.ttLib import TTFont
mawu = open(sys.argv[1], encoding="utf-8-sig").read()
zilembo = set(mawu + mawu.upper()) - set("\n\r\t")
for f in sys.argv[2:]:
    cmap = TTFont(f).getBestCmap()
    for c in sorted(zilembo):
        if ord(c) not in cmap:
            print(f, "U+%04X" % ord(c), unicodedata.name(c, "?"))
```

Mukakasunga ndi dzina loti yesa.py, mumakayendetsa motere:

```
python yesa.py buku.txt Ndime-Regular.ttf Ndime-Italic.ttf Mitu.otf
```

Kakapanda kutulutsa kanthu, chilembo chilichonse chili ndi malo ake. Pa kabuku kathu tiyerekeze kuti katulutsa mizere inayi: U+2153 akusowa mu Regular ndi mu Italic, ndipo U+0174 ndi U+0175 akusowa mu fonti ya mitu. Tsopano pali zosankha zomveka. Fonti ya ndime ikhoza kukhalabe, ngati ⅓ alembedwa ndi manambala wamba kuti 1/3 kapena ndi mawu. Fonti ya mitu ndiyo iyenera kuchoka, chifukwa dzina la dziko lili pachikuto.

Wosafuna kulemba malamulo akhoza kuchita zomwezo ndi manja, kungoti zimatenga nthawi. Pa Windows tsegulani Character Map, sankhani fontiyo, chongani Advanced view, ndipo mu Go to Unicode lembani 0175. Mu InDesign gwiritsani ntchito Glyphs pansi pa Type, yomwe imaonetsa zokhazo zomwe zili m'fontimo. Kutaipa chilembocho m'tsamba la Word n'kuona kuti chatuluka si umboni, chifukwa cha kubwereka kuja. Muyenera kuchisankha chokha n'kuyang'ana dzina la fonti lomwe laoneka pamwamba. Mu LibreOffice ngakhale zimenezo sizithandiza, chifukwa imaonetsabe dzina la fonti yomwe mudasankha ngakhale itabwereka. Pofuna kudziwa mafonti a pakompyuta panu omwe ali ndi zilembo zonse ziwiri, Ŵ ndi ŵ, pomwe pali fontconfig, pulogalamu yoyang'anira mafonti pa Linux, lembani:

```
fc-list ":charset=174 175" family style
```

Kanthu kena kakang'ono kothandiza potaipa: mu Word, kulemba 0175 n'kudina Alt+X kumatulutsa ŵ. Koma m'dzina la Malaŵi chilembo cham'mbuyo ndi a, yemwe Word imamuwerenga ngati gawo la nambalayo. Lembani U+0175 yonse musanadine, kuti isasokonezeke.

Pamene cmap ikuti chilipo koma tsamba likukana

Kapulogalamu kaja kamayankha funso limodzi lokha, loti nambala ili ndi chojambula kapena ayi. Sikanena ngati chojambulacho n'chabwino.

Unicode imalola kulemba ŵ m'njira ziwiri. Yoyamba ndi nambala imodzi, U+0175. Yachiwiri ndi w wamba wotsatiridwa ndi U+0302, katsindwi kopanda thupi komwe kamakwera pa chilembo cham'mbuyo. Njira yophatikiza imatchedwa NFC, yolekanitsa NFD. Kuti katsindwiko kakhale pakatikati pa w, fonti iyenera kukhala ndi malangizo a malo ake m'tebulo la GPOS, ndipo pulogalamu iyenera kuwatsatira. Zikapanda kutero, kamapendekera kudzanja lamanja, kapena kugwera pa i wotsatira. Pa Ŵ wamkulu kamatha kulowa m'thupi la chilembocho. Mapulogalamu ogwiritsa ntchito HarfBuzz posanja zojambula za zilembo, monga LibreOffice, Chrome ndi Firefox, amatha kuphatikiza kapena kulekanitsa okha malinga ndi zomwe fonti ili nazo, n'chifukwa chake fayilo imodzi imaoneka bwino m'pulogalamu ina n'kuipa mu inzake. Njira yochepetsa mavuto ndi kusandutsa mawu onse kukhala NFC musanayese fonti. Mukaona U+0302 m'ndandanda ya zilembo ija, dziwani kuti fayiloyo ili ndi ŵ wolekanitsidwa, ndipo kufufuza liwu loti aŵiri kukhoza kudumpha malo ena.

NFC siithetsa zonse. Mabuku a galamala ndi a kaphunziridwe ka chinenero amaika zizindikiro za kakwezedwe ka mawu. Zilembo á, é, í, ó, ú n'zosavuta, koma ḿ, yemwe ndi U+1E3F, ali kutali m'gawo la Latin Extended Additional, ndipo ŋ wa m'kalembedwe ka katchulidwe ndi U+014B. Zosakaniza zina zilibe n'komwe nambala imodzi, kotero zimadalira GPOS basi. Buku lotere lisayambidwe ndi fonti yokongoletsera.

Zilembo zazikulu zofupikitsidwa, zomwe pasikirini zimatchedwa Small Caps, zili ndi msampha wake. Zojambula zake sizili mu cmap, zimabwera kudzera m'lamulo la smcp m'kati mwa fonti. Wokonza akhoza kujambula a mpaka z n'kuiwala ŵ, ndipo dzinalo limatuluka zilembo zonse zitasintha kupatula ŵ yekha, yemwe watsala wamng'ono pakati. Izi zimaoneka ndi maso okha.

N'chifukwa chake pamafunika tsamba loyesera. Lembani mawu enieni, osati zilembo zokha: Malaŵi, aŵiri, ŵanthu, MALAŴI, ng'ombe, NG'OMBE, Angónia, ndi chiganizo cha feteleza chija. Abwerezeni m'kalembedwe kalikonse komwe bukulo lidzagwiritse ntchito, pa ukulu weniweni, kuyambira mitu mpaka mawu a m'munsi a mapointi 8. Tulutsani PDF ndi makonzedwe omwewo omwe mudzatumizire osindikiza, n'kuisindikiza papepala. Yang'anani ngati katsindwi ka ŵ kakufanana ndi ka â kapena ô m'fonti yomweyo, ngati kakugundana ndi kadontho ka i, ngati ka Ŵ kakukhudza miyendo ya g ndi y ya mzere wapamwamba pamitu yothinana, ndiponso ngati sikadadulidwe pamwamba pa bokosi la mawu. Onaninso mpata wa nkhodolero pakati pa g ndi o, chifukwa mafonti okonzedwera Chingerezi adayesedwa kwambiri ndi nkhodolero yotsatiridwa ndi s kapena t, ndipo ng'ombe akhoza kuoneka ngati mawu awiri.

PDF yomweyo imaulula kubwereka. Mu Acrobat tsegulani File, Properties, Fonts, kapena lembani:

```
pdffonts tsamba.pdf
```

Mukapeza dzina la fonti yomwe simudaisankhe, pali chilembo chomwe chabwerekedwa. Mzati wa emb uyenera kukhala yes pa fonti iliyonse. Zilembo zisanu ndi chimodzi ndi + patsogolo pa dzina zikusonyeza kuti m'PDF mwalowa zojambula zokhazo zomwe zagwiritsidwa ntchito. Choncho ngati ŵ sadagwiritsidwe ntchito m'fonti ya mitu, osindikiza sangamuwonjezere m'PDF pa mphindi yomaliza pokhapokha atakhala ndi fontiyo pakompyuta pawo.

Chilembo chikasowadi

Njira yoyera ndi kusintha fonti, ndipo n'chifukwa chake kuyesaku kumachitika tsamba loyamba lisanayalidwe. Gentium, Charis ndi Andika za bungwe la SIL zidakonzedwa poganizira zinenero zokhala ndi zilembo zapadera, ndipo Andika idakonzedwera ophunzira kuwerenga. Noto Serif ndi Noto Sans nazo zili ndi zilembo zachilatini zambiri. Arial ndi Times New Roman za pa Windows zili ndi ŵ ndi Ŵ. Ngakhale zili choncho yesani fayilo yomwe ili pakompyuta panu, chifukwa dzina limodzi limakhala ndi matulutsidwe osiyana, ndipo mafayilo ochepetsedwa a pa intaneti amachotsa magawo ena. Pa Google Fonts, ŵ ali m'gawo la latin-ext, osati latin.

Njira yachiwiri ndi kuwonjezera chilembocho m'fonti ndi pulogalamu ngati FontForge, potenga w ndi katsindwi ka fonti yomweyo. Izi zimadalira chilolezo. SIL Open Font License imalola kusintha, koma ngati fontiyo ili ndi dzina losungidwa, yosinthidwayo iyenera kupatsidwa dzina lina. Zilolezo zambiri za mafonti ogulidwa zimaletsa kusintha.

Kubwereka mwadala ku fonti yofanana nayo kumapiririka pa chizindikiro chopezeka kamodzi, monga muvi kapena ⅓, ngati mwachita ndi Character Style kuti zidziwike. Pa ŵ wopezeka m'ndime iliyonse tsamba limaoneka lamawangamawanga. Chosayenera n'kutaipa w ndi ^ kenako n'kuzikankhira pamodzi ndi manja. Papepala zikhoza kudutsa, koma m'PDF liwulo silipezeka pofufuza, likakopedwa limatuluka Malaw^i, ndipo mapulogalamu owerengera anthu osaona amalitchula molakwika. Mafayilo akale ena ali ndi vuto lofanana: adalembedwa ndi mafonti omwe adajambula ŵ pamalo a chilembo china, ndiye mukasintha fonti pamatuluka chilembo chachilendo paliponse pomwe padali ŵ. Mafayilo otere amafunika kusintha chilembocho kukhala U+0175 m'buku lonse musanachite china chilichonse.

Mafunso omwe sadathe

Kodi ŵ achotsedwe fonti ikakana? Ena amati poti owerenga ambiri adazolowera Malawi wopanda katsindwi, palibe chotayika. Ena amati katchulidwe kake n'kosiyana ndi ka w, ndipo m'Chitumbuka ndi m'mabuku akale kumuchotsa n'kusintha zomwe mlembi adalemba. Chomwe mbali zonse zingavomereze n'chakuti chigamulochi n'cha mlembi ndi mkonzi, ndipo chiyenera kutsatidwa m'buku lonse. Woyala masamba asachipange yekha usiku pofuna kupulumutsa fonti yomwe waikonda.

Za nkhodolero ya ng' nazo sizidagwirizanike. U+2019 ili m'mafonti pafupifupi onse ndipo ndi yomwe anthu amataipa osadziwa, koma mapulogalamu ena amaiona ngati malire a liwu, zomwe zimasokoneza kufufuza ndi kuwerenga kuchuluka kwa mawu. U+02BC imasunga liwu lathunthu, koma imachepetsa mafonti omwe mungasankhe, ndipo wofufuza ndi kiyibodi wamba sangaipeze nthawi zonse. Buku losindikizidwa papepala ndi nkhokwe ya mawu ya pakompyuta zikhoza kufuna mayankho osiyana.

Palinso funso la yemwe ali ndi udindo. Osindikiza amayang'ana mitundu, malire a tsamba ndi ngati mafonti alowa m'PDF, koma ŵ wobwereka yemwe walowa bwino m'PDF amadutsa mayeso onsewo. Wowerenga zolakwika nthawi zambiri amapatsidwa fayilo ya Word, osati masamba oyalidwa. Ndipo mawu oti fonti imathandiza chinenero chakuti alibe muyeso umodzi: wina amatanthauza zilembo za tsiku ndi tsiku zokha, wina amawerengera ŵ, wina amafika mpaka pa zizindikiro za kakwezedwe ka mawu. Pa Chichewa, chomwe ena amalemba ndi ŵ pamene ena salemba, sizidziwikiratu kuti wogulitsa fonti adatsata kalembedwe kati polemba dzina la chinenerocho pa ndandanda yake.